Boma limodzi, malembedwe asanu: kamuvi kosunga kaundula wa alembi ambiri

Dzina loti Nkhotakota lili ndi zilembo khumi zokha, koma alembi anayi akamalilemba m'kaundula mmodzi limatuluka ndi nkhope zingapo. Wina amalilemba molumikiza. Wina amalidula pakati n'kukhala Nkhota Kota. Wina wachangu amangoti KK ngati pa nambala ya galimoto, ndipo wina chala chimamudumphira chilembo cha h n'kusiya Nkotakota. Munthu akawerenga zonsezi sadodoma, amadziwa kuti akunena boma lomwe lija la m'mbali mwa nyanja. Kompyuta ilibe nzeru zoterezi. Kwa iyo amenewa ndi malo osiyana, ndipo ikafunsidwa kuti anthu a ku Nkhotakota alipo angati, imawerenga okhawo amene dzina la boma lawo lalembedwa ndendende momwe yafunsidwira.

Vutoli limagwera aliyense amene amasunga kaundula wogawana: komiti yokonza msonkhano wa mpingo, kalabu ya alimi yolemba ofuna mbewu, sukulu yolemba ophunzira atsopano. Mapulogalamu awiri amene anthu ambiri amalemberamo, Excel ndi Google Sheets, ali ndi chida chothana nalo chotchedwa `Data Validation`, ndipo mu Excel chidachi chakhalamo kuyambira mu Excel 97. Ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kuika kamuvi pambali pa kabokosi kolembamo. Mlembi akadina kamuviko pamatsika mndandanda wa mawu ovomerezeka, iye n'kusankhapo limodzi m'malo molemba za m'mutu mwake.

Momwe anthu 12 amasowera ali m'kaundula momwemo

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza kuonetsa bwino nkhaniyi. Achinyamata a mpingo wina akukonza msonkhano wa masiku atatu. Alembi anayi akulemba mayina m'fayilo imodzi yomwe ili pa intaneti, aliyense ali kwawo, wina pa laputopu, ena pa foni. Kaundulayo ali ndi mizere yotsika inayi, imene anthu a m'maofesi amati makolamu. Kolamu A ndi ya dzina, B ndi yosonyeza ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, C ndi ya boma, D ndi ya malipiro. Pofika sabata yomaliza alembamo anthu 240.

Msungichuma akufuna kudziwa kukula kwa galimoto yoti ikatenge a ku Nkhotakota. Mlembi wamkulu akulemba fomula yowerengera m'kabokosi kopanda kanthu:

```
=COUNTIF(C2:C500,"Nkhotakota")
```

Yankho likutuluka 19. Koma anthu a ku Nkhotakota m'kaundulamo alipo 31. Asanu analembedwa Nkhota Kota, anayi KK, mmodzi Nkotakota, ndipo awiri otsalawo ndi ovuta kuwaona kuposa onse: dzina la boma linalembedwa bwinobwino, koma kumapeto kwake kuli kampata kosaoneka ndi maso. Mafoni ambiri amaika okha kampata kameneka munthu akadina liwu limene kiyibodi yamuonetsa pamwamba. Fomula ya `COUNTIF` silabadira kuti chilembo ndi chachikulu kapena chaching'ono, koma kampata imakawerenga ngati chilembo china chilichonse.

Palibe mlembi amene ananama, ndipo fomulayo sinalakwe. Kompyuta sinaonetse chizindikiro chilichonse cha vuto. Nambala 19 inaoneka yabwinobwino, galimoto ya anthu 19 ikanabwera, ndipo anthu 12 akanatsala pasiteji ndi zikwama zawo.

Kolamu B ili ndi msampha wa Chichewa chokhachokha. Mafomu ambiri anazoloweretsa anthu kulemba M ndi F motsatira Chingerezi. Koma m'Chichewa mawu onse awiri, mwamuna ndi mkazi, amayamba ndi M. Mlembi mmodzi akamaganiza m'Chingerezi, mnzake m'Chichewa, chilembo chomwecho chimaimira anthu a mitundu iwiri. KK angathe kukonzedwa ndi munthu amene wakhala pa desiki, chifukwa tanthauzo lake ndi limodzi. M sangakonzedwe choncho, ndipo mayina ngati Chisomo, Chikondi ndi Mphatso sathandiza chifukwa amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe. Wokonza malo ogona ayenera kuimbira anthuwo mmodzimmodzi.

Mndandanda umayamba ndi kukambirana

Ntchito yeniyeni imachitika munthu asanadine batani lililonse. Alembi ayenera kugwirizana mawu amene aziloledwa, ndipo apa pamatuluka mafunso amene kale aliyense amangodziyankha yekha mumtima.

Malawi ali ndi maboma 28: asanu ndi limodzi kumpoto, asanu ndi anayi pakati, 13 kummwera. Mndandanda wake umaoneka wosavuta mpaka munthu atafika pa Chikwawa, limene ena amalilemba Chikhwawa, kapena pa Ntcheu, limene m'mabuku akale limapezeka ngati Ncheu. Malembedwe onsewa ali ndi owakonda, koma kaundula amafuna amodzi. Kenako pamabwera nkhani ya Mzuzu. Umenewu ndi mzinda umene uli m'boma la Mzimba, koma wokhala kumeneko akafunsidwa amayankha kuti Mzuzu. Komiti iyenera kusankha: kaya Mzuzu ikhale payokha pamndandanda chifukwa galimoto idzanyamukira kumeneko, kaya alembi onse auzidwe kuti a ku Mzuzu azilembedwa Mzimba. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, choipa n'choti alembi awiri atsate yoyamba, ena awiri yachiwiri.

Mutu wa kolamu nawo uyenera kumveka. Mlembi akafunsa kuti, "Kwanu n'kuti, achemwali?" mtsikana amene wakhala ku Ndirande zaka khumi angathe kuyankha kuti Thyolo, ndipo sananame, chifukwa kwawo ndi kumeneko. Koma komiti imafuna kudziwa kumene adzakwerere basi. Mutu woti `Boma` pawokha sukwanira. Woti `Boma lomwe akukhala` umatseka mpata umenewu.

Zikagwirizanidwa, mindandanda imalembedwa pa tsamba lakelake m'fayilo yomweyo. M'chitsanzo chija, tsamba lolembamo mayina likutchedwa `Kaundula`, ndipo latsopanoli likutchedwa `Mindandanda`. M'kabokosi ka A1 muli mutu, ndipo kuyambira A2 mpaka A29 muli maboma 28 motsatira ndondomeko ya zilembo, kuyambira Balaka mpaka Zomba. Chapatali pang'ono pa tsamba lomwelo pali mawu awiri, Mwamuna ndi Mkazi, olembedwa athunthu. Palinso mawu atatu a malipiro: Walipira, Walipira theka, Sanalipire.

Mapulogalamu onse awiri amalola kulemba mawuwo mwachindunji m'bokosi la lamulo popanda tsamba lapadera, ndipo kwa mawu awiri kapena atatu zimenezi n'zokwanira. Kwa maboma si nzeru. Mu Excel bokosilo limalandira zilembo 255 zokha, ndipo mayina a maboma 28 pamodzi ndi mipatuliro yowalekanitsa amadya kale 219. Komanso mndandanda wobisika m'bokosi suoneka kwa alembi ena, ndipo kuukonza kumafuna kutsegula lamulo. Wa pa tsamba aliyense amauona.

Kuika kamuviko

Mu Excel ya pa kompyuta, mlembi wamkulu amayamba ndi kusankha mabokosi onse amene lamulo ligwirepo, kuyambira C2 mpaka C500, kuti mizere ya anthu odzalembedwa mawa ikhale itaphimbidwa kale. Kenako amapita pa `Data`, n'kudina `Data Validation`. Pakabokosi kamene katseguka, pansi pa `Allow` amasankha `List`, amaonetsetsa kuti pa `In-cell dropdown` pali chizindikiro chochonga, ndipo pa `Source` amalemba adiresi ya mndandanda uja:

```
=Mindandanda!$A$2:$A$29
```

Zizindikiro za `$` zili ndi ntchito. Zimamangirira adiresiyo kuti isasunthe. Zikasowa, kabokosi ka C2 kamaona mndandanda wonse, koma ka C3 kamayambira pa A3, ka C4 pa A4, ndipo mndandanda umanka nufupika pamene mlembi akutsika. Vutoli limadziwika msanga: mzere wachitatu mulibe Balaka, wachinayi mwasowanso Blantyre, ndipo pofika mzere wa 30 kamuvi kamatsegula mndandanda wopanda dzina ngakhale limodzi.

M'bokosi lomwelo muli magawo ena awiri amene ambiri amawadumpha. Gawo la `Input Message` limaonetsa kauthenga mlembi akangofika pa kabokosi, ndipo m'menemo ndi moyenera kulemba zimene komiti inagwirizana, monga kuti a ku Mzuzu alembedwe Mzimba. Gawo la `Error Alert` limanena zimene zichitike munthu akalemba liwu losapezeka pamndandanda. Pali njira zitatu. Ya `Stop` imakaniratu. Ya `Warning` imafunsa ngati munthuyo akufuna kupitirizabe, ndipo akavomera liwulo limalowa. Ya `Information` imangomudziwitsa n'kumulola. Mlembi amene ali ndi mzere wa anthu kutsogolo kwake amavomera chenjezo lililonse osaliwerenga, choncho pa kolamu ya boma njira yogwira ntchito ndi `Stop`. Uthenga wake ungalembedwe m'Chichewa, ndipo umathandiza kwambiri ukamanena chochita, monga wakuti asankhe boma pa kamuvi ndipo likasowa aimbire mlembi wamkulu.

Mu Google Sheets njira yake ndi yofanana. Atasankha mabokosi, mlembi amapita pa `Data`, kenako `Data validation`, n'kudina `Add rule`. Pa `Criteria` amasankha `Dropdown (from a range)` n'kuloza mndandanda uja. Pansi pa `Advanced options` pali zosankha ziwiri: `Show a warning`, imene imalola liwu lolakwika n'kuika kachizindikiro kofiira pakona ya kabokosi, ndi `Reject the input`, imene imalikana. Yachiwiriyi ndiyo ikufanana ndi `Stop`.

Zonsezi zikatha pamafunika kuyesa. Mlembi wamkulu alembe dala KK m'mzere woyamba, m'mzere wapakati ndi m'mzere wa 500, aone ngati pena paliponse akukanidwa. Ayesenso pa foni, chifukwa alembi ena adzalembera pamenepo. Olemba pa kompyuta amene amadandaula kuti kamuvi kakuwachedwetsa angagwiritse ntchito kiyibodi: mu Excel kudina `Alt` pamodzi ndi batani la muvi woloza pansi kumatsegula mndandanda popanda kuchotsa manja pa mabatani. Munthu angathenso kungolemba dzina lonse molondola, lamulo silimuletsa.

Khomo limene mlonda saliona

Anthu ambiri akaika kamuvi amaganiza kuti nkhani yatha, ndipo apa ndi pamene kaundula amaonongekanso mwakachetechete. Lamuloli lili ngati mlonda amene waima pa geti limodzi. Amafunsa okhawo amene akulowera pamenepo, kutanthauza mawu amene akulembedwa ndi zala m'kabokosi. Amene anali kale mkati sawafunsa, ndipo olowera kuseri sawaona.

Amene anali kale mkati ndi ma KK anayi aja, ma Nkhota Kota asanu ndi anzawo. Kuika lamulo pa kolamu imene munalembedwa kale sikusintha chilembo ngakhale chimodzi. Google Sheets imaika kachizindikiro kofiira pa mabokosi oterewa. Excel imakhala chete mpaka munthu ataifunsa: pa kamuvi kamene kali pambali pa batani la `Data Validation` pali `Circle Invalid Data`, limene limazunguliza mzere wofiira pa kabokosi kalikonse kosemphana ndi lamulo.

Kuseri kumene mlonda sakuona ndi kumata mawu okopera kwina. M'chitsanzo chija, mlembi wina bandulo yamuthera Lachitatu madzulo. Anthu akumudikira, choncho akutsegula fayilo yatsopano pa laputopu yake n'kulembamo mayina 40. M'mawa mwake akupeza intaneti, akukopera mizere yonse n'kuimata m'kaundula wamkulu ndi `Ctrl+V`. Excel sikana chilichonse, ngakhale njira yosankhidwa ili `Stop`. Choopsa kwambiri n'chakuti kumata kwa mtundu umenewu kumabweretsa kabokosi konse ndi makhalidwe ake, ndipo poti mabokosi a m'fayilo yake analibe lamulo, lamulo la m'mizere 40 imeneyo limafufutika. Kamuvi kamasowa. Nalo batani la `Circle Invalid Data` silizunguliza kanthu pamenepo, chifukwa palibenso lamulo loti liyerekezere.

Chizindikiro chake ndi chosavuta kuchiona kwa amene akuchifuna: akamatsika m'kolamu C ndi batani la muvi, kamuvi ka pambali kamaoneka, kamaoneka, kenako kamasowa, n'kudzaonekanso kutsogolo. Mankhwala ake ndi kusankhanso kolamu yonse n'kuikanso lamulo. Kupewa kwake ndi kuphunzitsa alembi kumata mawu okha, kudzera pa `Paste Special` ndi `Values` mu Excel, kapena `Ctrl+Shift+V` mu Google Sheets. Njirayi imasiya lamulo lili m'malo, ngakhale kuti mu Excel mawu olakwika amalowabe osafunsidwa. Phindu lake n'lakuti tsopano angathe kupezeka. Chinthu china chothandiza ndi kupatsa mlembi aliyense kope ya kaundula yopanda mayina koma yokhala ndi malamulo onse, kuti tsiku limene intaneti yavuta alembe m'menemo.

Kabokosi koyang'anira

Poti lamulo lingathe kufufutika, kaundula wogawana amafunika wolondera wachiwiri amene sadalira lamulolo. Ameneyu ndi fomula ya m'kolamu E, yolembedwa pa E2 n'kukokeredwa pansi mpaka E500. Pofika apa mndandanda wa m'chitsanzo wafika pa A30, pa chifukwa chimene chifotokozedwe patsogolo:

```
=IF(A2="","",IF(COUNTIF(Mindandanda!$A$2:$A$30,C2)=0,"KONZANI",""))
```

Tanthauzo lake m'mawu wamba ndi ili: ngati mzerewu mulibe dzina la munthu, usanene kanthu, ngati dzina lilimo, yang'ana ngati boma lolembedwalo likupezeka pamndandanda, likasowa, lemba kuti KONZANI. Fomulayi imagwira KK, imagwira kampata kosaoneka kaja, komanso imagwira mzere umene mlembi anaiwala kusankha boma, chinthu chimene kamuvi sikakakamiza munthu kuchita. Kabokosi kosiyidwa kopanda kanthu sikaphwanya lamulo lililonse. Pa makompyuta ena fomula imafuna chizindikiro cha `;` m'malo mwa `,` malinga ndi momwe kompyutayo anaitchera, ndipo fomula ikakanidwa popanda chifukwa chooneka, pamenepa ndi poyambira kuyang'ana.

Pali njira inanso yofupikitsa zonse kukhala nambala imodzi. Pa tsamba la `Mindandanda`, pambali pa boma lililonse, m'kolamu B, amalemba fomula yowerenga anthu a bomalo, n'kuikokera pansi:

```
=COUNTIF(Kaundula!$C$2:$C$500,A2)
```

Kenako m'kabokosi kamodzi amachotsera chiwonkhetso cha maboma onse ku chiwerengero cha mayina:

```
=COUNTA(Kaundula!A2:A500)-SUM(B2:B30)
```

Yankho loyenera ndi 0. M'chitsanzo chija, tsiku loyamba likutuluka 29: mayina alipo 240 koma maboma onse pamodzi akukwana 211. Mwa anthu 29 osowawo, 12 ndi a ku Nkhotakota aja, ena ndi ma LL, ma BT ndi ma ZA.

Pokonza, ambiri amathamangira ku `Find and Replace`, imene imatseguka ndi `Ctrl+H`, ndipo nayo ili ndi dzenje lake. Mlembi amene akufuna kusintha ZA kukhala Zomba, akapanda kuchonga pa `Match entire cell contents`, pulogalamu imasintha zilembo ziwirizo paliponse pamene zapezeka. Dedza imasanduka DedZomba, Mwanza n'kukhala MwanZomba. Akachonga, pamasinthidwa mabokosi okhawo amene mulibe china koma ZA. Ndi bwinonso kuyamba wasankha kolamu C yokha, kuti mayina a anthu asakhudzidwe. Mizere ikakhala yochepa, ngati 29, kuikonza umodziumodzi posankha pa kamuvi sikutenga nthawi ndipo kulibe ngozi.

Mndandanda ukafuna kukula

Tsiku lina pamabwera munthu amene mndandanda sunamuganizire. M'chitsanzo chija ndi achinyamata atatu ochokera ku Chipata m'dziko la Zambia. Mlembi akutsegula kamuvi, Chipata mulibe, ndipo `Stop` ikumukaniza kulemba. Mlembi wothedwa nzeru amachita chimodzi mwa ziwiri: amasiya kabokosi kopanda kanthu, kapena amasankha Mchinji chifukwa ndi pafupi. Chachiwirichi ndi choipa kwambiri, chifukwa palibe fomula imene ingachizindikire. Mndandanda wokana anthu umafunika kakhomo kovomerezeka, monga liwu loti Kunja kwa Malawi, pamodzi ndi kolamu ina yaufulu yolembamo ndemanga.

Kuwonjezera liwulo kulinso ndi kamsampha. Mlembi wamkulu akalilemba pa A30, silioneka pa kamuvi, chifukwa lamulo linauzidwa kuti lilekeze pa A29. Ayenera kutsegula lamulo n'kusintha nambalayo kukhala 30. Njira ina ndi kulowetsa mzere watsopano pakati pa mndandanda, osati kumapeto, chifukwa akatero pulogalamu imakulitsa yokha adiresi ija, ya m'lamulo ndi ya m'mafomula omwe.

Kusintha malembedwe a dzina limene lili kale pamndandanda kumafuna kusamala kofanana. Komiti ikaganiza pakati pa ntchito kuti Chikwawa ikhale Chikhwawa, kusintha pa tsamba la `Mindandanda` kumangokhudza amene adzalembedwe kuyambira pamenepo. Onse olembedwa kale amatsala ndi malembedwe akale, ndipo boma limodzi limagawikanso pawiri, nthawi ino chifukwa cha mwini mndandanda. Kolamu E imadzaza ndi KONZANI nthawi yomweyo, ndipo ntchito siinathe mpaka mawu amenewo atazimiririka.

N'chifukwa chake tsamba la mindandanda liyenera kukhala ndi mwini wake mmodzi. Mu Google Sheets, `Protect sheets and ranges` imene ili pansi pa `Data` imalola kutchula anthu okhawo amene angasinthe tsambalo. Mu Excel muli `Protect Sheet` pansi pa `Review`. Alembi ena amapitiriza kuuona mndandanda ndi kusankhapo, koma sangawonjezerepo KK chifukwa choti anazolowera.

Cholakwa chovala bwino

Pali cholakwa chimodzi chimene kamuvi kamabweretsa m'malo mochotsa. Pamndandanda wotsatira zilembo, Nkhata Bay ili pamwamba penipeni pa Nkhotakota, ndipo Ntcheu yagundana ndi Ntchisi. Machinga, Mangochi ndi Mchinji zili motsatizana. Pa foni yaing'ono chala chimatsetsereka mzere umodzi, ndipo munthu wa ku Nkhotakota amasamutsidwira kumpoto. Liwulo ndi lovomerezeka, kolamu E imakhala chete, nambala yoyang'anira imakhalabe 0. Kale, KK ankadziulula yekha kuti ndi wolakwika. Nkhata Bay yolakwika imaoneka ngati yoona.

Ena amachepetsa ngoziyi pogawa mndandanda: mlembi amayamba wasankha chigawo, kenako kamuvi ka boma kamaonetsa maboma a chigawo chokhacho. Mu Excel zimatheka popatsa mindandanda itatu mayina ofanana ndi a zigawo ndi kugwiritsa ntchito fomula ya `INDIRECT` pa `Source`. Njirayi imalekanitsadi Nkhata Bay ndi Nkhotakota, koma Ntcheu ndi Ntchisi zimatsalabe limodzi poti zonse ndi za pakati, ndipo mlembi akasintha chigawo pambuyo pake boma losankhidwa kale silisintha lokha. Kwa mayina 28 ntchito yowonjezerayi nthawi zambiri siipindulitsa. Chimene chimathandiza ndi chakale chomwe: mlembi awerenge mokweza zimene wasankha munthuyo asanachoke, ndipo kaundula asanatsekedwe mtsogoleri wa boma lililonse atumiziridwe mayina a anthu ake kuti awaone. Mtsogoleri wa ku Nkhata Bay amadziwa msanga dzina limene si la kwawo.

Kamuvi sikayeneranso kolamu iliyonse. Kamagwira bwino pamene mayankho ndi ochepa, odziwika kale, ndipo adzawerengedwa kapena kusanjidwa m'magulu. Dzina la munthu, nambala ya foni ndi dzina la mudzi si za mtundu umenewu. Amene amayesa kuika midzi yonse pa kamuvi amapeza kuti tsiku lililonse pakubwera mudzi watsopano, alembi akuimba foni kangapo pa ola, ndipo posakhalitsa wina amachotsa lamulo kuti ntchito iyende.

M'chitsanzo chija makolamu atatu ndiwo anapatsidwa kamuvi: B, C ndi D. Mlembi wamkulu anakonza mizere 29 ya maboma madzulo amodzi. Ya chilembo cha M inamutengera masiku awiri akuimba mafoni. Anaikanso lamulo m'mizere 40 imene linafufutika, anawonjezera Kunja kwa Malawi pa A30, n'kutseka tsamba la mindandanda. Atsogoleri a maboma atabweza mayina, mtsikana mmodzi anachotsedwa ku Ntchisi n'kubwezeredwa ku Ntcheu. Lachisanu m'mawa kabokosi koyang'anira kanaonetsa 0, pambali pa Nkhotakota panali 31, ndipo msungichuma anaimbira mwini galimoto kumuuza kuti yaing'ono ija isabwere, atumize yaikulu.